Fankishoni yanga ikuchedwa, ndiifulumizitse bwanji?

Wofunsa: Akuluakulu, ndili ndi fankishoni imene ikuchedwa kwambiri, moti pulogalamu yonse imachita kuima poiyembekeza. Miyezi yapitayi inkayenda bwinobwino, ndipo palibe chimene ndasinthamo. Ndikupempha mundithandize njira yoifulumizitsira.

Woyankha woyamba: Achimwene, ndikufunitsitsa kukuthandizani, koma simunationetse khodi, simunanene chilankhulo chimene mwalembera, komanso simunatiuze kuchuluka kwa deta imene fankishoniyo imalandira pa tsiku la ntchito. Popanda zitatuzi, aliyense wa ife azingolota. Chachitatucho ndicho ndikuchifuna koposa, chifukwa mawu anu akuti simunasinthe kanthu akundiganizitsa kuti chimene chasintha ndi detayo. Tiuzeninso masekondi amene ikutenga panopa ndi amene mungakhutire nawo.

Woyankha wachiwiri: Ine ndikuona kuti tisatayire nthawi pa mafunso. Ngati mwalemba mu Python kapena chilankhulo china chotere, lembaninso gawo lochedwalo mu C, kapena gawani ntchitoyo kuti mbali zonse za pulosesa zigwire nthawi imodzi. Kawirikawiri zimenezi zimathandiza.

Woyankha wachitatu: Zofanana ndi zimenezi zinandichitikira chaka chatha. Ndinavutika sabata yathunthu ndikukonza khodi, koma kenako ndinapeza kuti disiki ya seva inali itatsala pang'ono kudzaza. Yambani mwaona disiki ndi memoli musanakhudze china chilichonse.

Wofunsa: Pepani, ndinafunsa mothamanga. Ndi Python 3.11, ndipo disiki ndaiona, ili ndi malo ambiri. Fankishoniyo imalandira mndandanda wa manambala a makasitomala, olembedwa ngati mawu, n'kuchotsa obwerezabwereza popanda kusokoneza dongosolo limene anabwerera. Khodi yake ndi iyi:

```python
def chotsa_obwereza(manambala):
    otsala = []
    for n in manambala:
        if n not in otsala:
            otsala.append(n)
    return otsala
```

Poyamba manambala ankakhala pafupifupi 1,000. Panopa afika 200,000, obwerezedwa ndi ochepa chabe, ndipo ikutenga mphindi 8.

Woyankha woyamba: Zikomo, tsopano nkhani yaoneka. Vuto lili pa mzere wa `if n not in otsala`. Mzerewo ndi waufupi pouwerenga, koma `otsala` ndi `list`, ndipo Python ikafuna kudziwa ngati chinthu chilimo mu `list`, imayamba pa choyamba n'kumayerekeza chimodzichimodzi mpaka itachipeza kapena kufika kumapeto. Popeza manambala anu ambiri ndi atsopano, pafupifupi ulendo uliwonse imayenda mndandanda wonse n'kubwerako chimanjamanja. Nambala ya khumi imayerekezedwa ndi zisanu ndi zinayi, pamene yomaliza imayerekezedwa ndi pafupifupi 200,000 zimene zinabwera patsogolo pake.

Mukaphatikiza zonsezo, kuyerekeza kumakwana pafupifupi `n * n / 2`. Pa manambala 1,000 kunali ka 500,000, ntchito imene kompyuta imamaliza munthu asanaphethire, n'chifukwa chake simunaonepo vuto miyezi yonse ija. Pa manambala 200,000 kwafika ka 20 biliyoni. Deta yakula ka 200, koma ntchito yakula ka 40,000. Musangokhulupirira mawu anga: yesani ndi manambala 10,000, kenako 20,000, mutiuze nthawi. Ngati ndalondola, kuwirikiza deta kawiri kuchulukitsa nthawi kanayi.

Wofunsa: Ndayesa ndi `time.perf_counter()`. Manambala 10,000 atenga masekondi 1.2, ndipo 20,000 atenga 4.9.

Woyankha wachiwiri: Ndavomera kuti ndinafulumira, komabe maganizo anga aja sanali olakwika kotheratu. Lupu yomweyo italembedwa mu C ingathamange kuposa pamenepa. Koma njira yachidule ndi `list(set(manambala))`, mzere umodzi basi, nkhani yatha.

Woyankha woyamba: Pa `set` mwalasa pafupi, chifukwa `set` imawerengera hashi ya chinthu n'kupita pamalo ake mwachindunji, ndiye nthawi yofufuzira sikula ngakhale zinthu zichuluke. Koma mnzathuyu wanena kuti dongosolo la manambala lisasokonezeke, ndipo `set` silonjeza dongosolo lililonse. Pa mawu, dongosololo likhoza kusiyana ngakhale pakati pa ulendo umodzi woyendetsa pulogalamu ndi wotsatira. Chimene chikukwanira apa ndi ichi:

```python
def chotsa_obwereza(manambala):
    return list(dict.fromkeys(manambala))
```

Kuyambira Python 3.7, chilankhulochi chimatsimikiza kuti `dict` isunga makiyi m'dongosolo limene analowera, choncho zotuluka zikhala zofanana ndi za fankishoni yakale ija.

Pa za C ndiye sindikugwirizana nanu. Kufufuza kwa `in` mu `list` kunalembedwa kale mu C mkati mwa CPython, ndiye phindu lolembanso silingakhale lalikulu monga mukuganizira. Ngakhale litakhala la ka 10, deta ikangokula katatu, naini mwa khumiwo apita. Kugawa ntchito nako kuli ndi malire omwewo, chifukwa pulosesa ya mbali 8 singakupatseni liwiro loposa ka 8, pamene vuto lathu ndi la ka 40,000. Komanso mu Python 3.11 `threading` sithandiza pa ntchito yowerengera ngati iyi chifukwa cha GIL, loko imene imalola `thread` imodzi yokha kuyendetsa khodi ya Python pa nthawi imodzi.

Woyankha wachinayi: Ndiwonjezepo chenjezo limodzi, popeza ine linandigwetsapo. `dict.fromkeys` imafuna zinthu zimene zili ndi hashi. Mawu ndi manambala alibe vuto, koma tsiku limene mudzayambe kutumiza mizere yathunthu ngati `list` kapena `dict`, mudzalandira `TypeError: unhashable type`, pamene khodi yakale ija inkalandira zoterozo mosadandaula. Ndiponso ndifunse: manambalawa akuchokera kuti? Ngati akuchokera mu detabesi, bwanji osagwiritsa ntchito `SELECT DISTINCT` kuti obwerezawo asafike n'komwe mu Python?

Woyankha woyamba: Funso limenelo ndi labwino, ndipo likuonetsa kuti ngakhale zitatu ndinapempha zija sizinakwane, ndinayenera kufunsanso gwero la detayo. Kungoti `SELECT DISTINCT` nayonso silonjeza dongosolo pokhapokha mutaikapo `ORDER BY`, ndipo zimenezo zimafuna kuti tebulo likhale ndi kolamu yosonyeza chimene chinayamba kulowa.

Wofunsa: Ndasintha monga mwanenera, ndipo ndayerekeza zotuluka za njira ziwirizo pa manambala 20,000, zafanana ndendende. Pa 200,000 fankishoniyo tsopano sikukwanitsa ndi sekondi imodzi yomwe. Manambalawo amachokera m'mafayilo a CSV, osati mu detabesi. Koma pulogalamu yonse ikutengabe masekondi 40, ndiye zikuoneka kuti pali pena pamene pakuchedwanso, pamene poyamba panabisika kuseri kwa mphindi 8 zija.

Woyankha wachitatu: Pamenepo ndiye ndikubwereranso ku disiki yanga ija. Ngati mafayilowo ali pa kompyuta ina ndipo mumawawerenga kudzera pa netiweki, masekondi 40 si odabwitsa.

Woyankha woyamba: Zikhoza kutheka, koma ulendo uno tiyeze kaye tisanasankhe wolakwa. Yendetsani lamulo ili, mutaika dzina la fayilo yanu:

```
python -m cProfile -s tottime pulogalamu.py
```

Mutitumizire mizere khumi yoyambirira ya zotuluka, mutiuzenso kuti mafayilowo ndi angati, iliyonse ndi yaikulu mamegabaiti angati, ndipo akukhala pa kompyuta yomweyo kapena kwina. Nthawi yambiri ikakhala pa kutsegula ndi kuwerenga mafayilo, ndiye kuti anzathuwa alondola. Ikakhala pa fankishoni ina yanu, mutionetsenso khodi yake.

Wofunsa: Mafayilowo ndi 365, imodzi pa tsiku lililonse la chaka, ndipo ali pa foda yogawana ya pa netiweki. Zotuluka za `cProfile` ndizitumiza mawa m'mawa ndikakafika pa kompyuta imene pulogalamuyo imayenderapo, chifukwa pa yanga ndilibe mafayilo onsewo.