Za Rauta Yakale Ija: Zotsatira Zake

"Kodi rauta yakale ingafikitse intaneti kunyumba yakuseri, pamene makoma a njerwa akutsekereza mphamvu ya waifai?"

Anzanga, funso langa lija layankhika kuno ku Ulongwe: zatheka. Ndinatseka DHCP, yomwe imagawa maadiresi kwa mafoni ndi makompyuta, pa rauta yakale, ndi kuipatsa adiresi 192.168.1.2, popeza rauta yayikulu ili pa 192.168.1.1 ndipo imagawa maadiresi kuyambira 192.168.1.100. Chingwe chochokera ku rauta yayikulu ndinachilowetsa m'bowo la LAN la yakaleyo, osati la WAN.

Chonde samalani ndi DHCP, chifukwa marauta onse awiri akamagawa maadiresi, foni imaonetsa kuti yalumikizana koma masamba satseguka, makamaka magetsi akathima ndi kubweranso, yakaleyo n'kuyamba kudzuka. Dzina la waifai ndi mawu achinsinsi ndinazifananitsa pa marauta onse awiri, koma tchanelo ndinasiyanitsa, ina 1 ina 6, kuti zisasokonezane.