Gulu la kwa Agogo aNaphiri: laputopu ya Tadala

Mayi a Tadala: Mwaswera bwanji nonse? Ndalama zija tinasonkhera laputopu ya Tadala zafika kwa achimwene ku Joni. Tigwirizane lero kuti agule iti, chifukwa galimoto yoti ibwere nayo inyamuka Lachisanu.

Malume Yohane: Zafikadi achemwali. Ndazungulira m'mashopu ndapeza zitatu. Yoyamba ndi yopyapyala, yopepuka, yalembedwa Core i7 ndi Intel Iris Xe. Yachiwiri ndi yamagemu: RTX 3050 4GB, RAM 8GB, 144Hz, 45% NTSC. Yachitatu: RTX 4050 6GB, RAM 16GB, IPS, 100% sRGB, koma iyi ndalama zathu zikuperewera pang'ono. Ine mtima uli pa yoyamba, wogulitsa akuti i7 ndiye mapeto.

Azakhali aNabanda: Yopepukayo ili bwino. Mwana wamkazi azinyamula chikatundu tsiku lililonse kukwera nacho minibasi ya ku Ndirande?

Mphatso: Malume, musalipire kaye. Tadala, tatiuza mapulogalamu amene mukugwiritsa ntchito ku MUBAS chaka chino.

Tadala: AutoCAD ndi SketchUp, mapulogalamu ojambulira mapulani a nyumba, tinayamba kale achimwene. Chaka chino tikulowa Revit, ndipo polojekiti iliyonse akufuna tizionetsa nyumba ngati chithunzi chenicheni, ndi mithunzi, mitengo ndi magalasi. Anzanga ambiri akupangira mu Lumion kapena Enscape.

Mphatso: Ndiye yoyambayo tiichotse. Ndifotokoze bwino, poti ine ntchito yanga ya mapulani ku Lilongwe kuno ndi yomweyi. Mu laputopu muli zigawo ziwiri zogwira ntchito yolemetsa. China ndi purosesa, i7 imene akunena malumeyo, yowerengera zinthu. China ndi khadi la girafikisi, lojambula zimene maso akuona. Intel Iris Xe si khadi lapalokha, ili m'kati mwa purosesa momwemo ndipo imabwereka RAM, malo amene kompyuta imasungamo zimene ikugwirira ntchito panthawiyo. Pulani yafulati ya mu AutoCAD, mizere ya makoma ndi zitseko, imajambula popanda vuto. Ngakhale Revit imadalira kwambiri purosesa ndi RAM. Koma Lumion ndi Enscape katundu yense amamusenzetsa khadi la girafikisi. Pa Iris Xe mwina osatseguka n'komwe, akatseguka chithunzi chimayenda modukizadukiza.

Malume Yohane: Ndamva. Ndiye yachiwiri ija, khadi lake la RTX 3050 lilipo ndipo ndalama zikukwana ndendende.

Mphatso: Lilipodi, koma taonani nambala ili kutsogolo kwakeyo, 4GB. Imeneyo ndi nkhokwe ya khadilo. Chilichonse chimene Tadala waika pachithunzi, njerwa, malata, udzu, mitengo, anthu oyenda panja, chimayenera kulowa m'nkhokwemo nthawi imodzi. Nyumba ya zipinda zitatu ikwana. Akafika pa sukulu yonse kapena msika wokhala ndi mitengo yambiri, nkhokwe imadzaza, pulogalamu imayamba kuuma, kenako n'kudzitsekera yokha. Zinandichitikira ine pa laputopu yanga yakale ya 4GB, usiku woti m'mawa mwake ndikaonetse kasitomala. Ndinachita kuchotsa mitengo yonse ndi galimoto kuti chithunzi chituluke. Lumion wa masiku ano amafuna khadi la 6GB kupita m'mwamba. La 8GB, monga RTX 4060, ndiye munthu amapuma bwino, koma thumba lathu silifika kumeneko.

Azakhali aNabanda: Nanga sitingagule yotchipayo n'kudzaonjezera chaka chamawa tikakolola?

Mphatso: Apo ndiye pagona nkhani azakhali. RAM ndi malo osungira mafailo pa malaputopu amagemu ambiri amaonjezereka. Khadi la girafikisi ayi, analiwotcherera pa bolodi. Limene tagula nalo ndi lomwelo mpaka Tadala adzamalize sukulu.

Mayi a Tadala: Nanga za NTSC ndi sRGB zimene alemba achimwenezo ndi chiyani? Ine ndimaona ngati sikirini ndi sikirini.

Mphatso: Mayi aang'ono, manambala amenewo akunena kuchuluka kwa mitundu imene sikirini ingathe kuonetsa. Ya 100% sRGB imaonetsa mitundu yonse imene zithunzi zambiri za pa kompyuta ndi pa intaneti zimapangidwira. Ya 45% NTSC imangofika cha pakati pa 60 ndi 65 pa 100 ya mitundu yomweyo. Kufiira kumaoneka ngati kwasuluka n'kupendekera ku olenji, kubiriwira kumakhala kofwifwa. Vuto lake ndi ili: Tadala aona kuti njerwa zake zafwifwa, aonjezera mtundu mpaka zimukomere m'maso. Akakasindikiza pa pepala lalikulu kapena kuonetsa pa sikirini ya aphunzitsi, nyumba ija ituluka yofiira ngati tomato. Iye wajambula bwinobwino, yamunamiza ndi sikirini.

Tadala: Zimenezi zinamuchitikira mnzanga temu yatha. Denga anasankha lobiriwira mofatsa, pa pepala linatuluka lowala zedi.

Malume Yohane: Komatu wogulitsa amatamandira 144Hz yomweyo, akuti sikirini yapamwamba.

Mphatso: Nambala imeneyo ikunena kuti chithunzi chimasinthika ka 144 pa sekondi imodzi. Ndi ya osewera magemu othamanga. Pa mitundu sikhudzapo, ndipo wojambula pulani 60Hz imamukwanira. Opanga malaputopu amagemu otchipa amakonda kuika khadi labwino, n'kupulumutsa ndalama pa sikirini, ndiye amalemba 144Hz ndi zilembo zikuluzikulu, 45% NTSC n'kuibisa pansi.

Azakhali aNabanda: Ine kulemera kuja kukundidetsabe nkhawa. Komanso magetsi akazima?

Mphatso: Pamenepo mwanena zoona, sindikutsutsani. Yachitatuyo ndi yolemera, chaja chakenso ndi chachikulu. Pa batire khadi limadzichepetsa mphamvu lokha ndipo moto sukhalitsa. Tadala azijambula mizere pa batire, zithunzi zolemerazo azipanga magetsi alipo, italumikizidwa kukhoma, ili pa tebulo osati pa bulangeti, kuti mafani apeze mpweya.

Tadala: Kulemerako ndipirira azakhali, chikwama ndili nacho cholimba.

Mayi a Tadala: Zikuperewera zingati achimwene? Tione ngati tingakwanitse.

Malume Yohane: Ndakutumizirani kumbali. Theka ndiika ine.

Azakhali aNabanda: Theka linalo ndi langa, nditumiza mawa ndikachoka kumsika. Koma Mphatso, utsimikize kuti sakutipusitsa.

Mphatso: Zikomo azakhali. Malume, mukafika m'shopumo muwauze aiyatse. Mudine Ctrl+Shift+Esc, mulowe pa Performance, kumanzere mupeza GPU ziwiri, ndiye zigawo za girafikisi zija, musankhe yolembedwa NVIDIA. Muwerenge mzere wa Dedicated GPU memory, uzionetsa 6.0 GB. Mzere wa Shared GPU memory musautengere, imeneyo ndi RAM yobwereka, ndipo ogulitsa ena amaphatikiza ziwirizo kuti nambala ikule.

Malume Yohane: Ndalemba. Nanga sikirini ndiidziwa bwanji? Bokosi likhoza kunena china.

Mphatso: Laputopu za dzina limodzi zimatuluka ndi masikirini osiyana, ndiye dzina lokha silikwanira. Mujambule kapepala kali pansi pake, pali nambala yonse ya mtundu wake, munditumizire ndifufuze kwa opanga. Kenako mutsegule chithunzi cha nkhope ya munthu, muyang'ane cham'mbali, mupendeketsenso sikirini kutsogolo ndi kumbuyo. Ya IPS mitundu imakhala yomweyo. Ikada kapena kuyera mbuu mukapendeketsa, imeneyo si IPS, muisiye. Mufunsenso kuwala kwake, kukhale 300 nits kapena kuposa, chifukwa ya 250 pafupi ndi zenera masana mizere yopyapyala imavuta kuona.

Tadala: Zikomo kwambiri malume, azakhali, nonse. Achimwene, ikafika mudzandithandize kuika Revit.

Mphatso: Ndibwera ku Blantyre Loweruka la sabata yamawa, tidzaikira limodzi.

Malume Yohane: Shopu amatsegula 9 koloko. Mphatso, foni ikhale pafupi, ndikuimbira pa vidiyo ndisanalipire.