Msambo unasiya miyezi isanu yapitayo ndipo liwiro likutsika: kodi vuto ndi kadyedwe kanga?

Membala wobisa dzina

Ndikupempha nzeru kwa anzanga othamanga ndi a zachipatala amene muli pa gulu lino, ndipo mundikhululukire pobisa dzina, pakuti mbali ina ya nkhaniyi ndi yovuta kuinena pa anthu. Ndine mtsikana wa zaka 23 ndipo ndikukonzekera mpikisano wothamanga pa phiri la Mulanje. Ndimathamanga masiku asanu ndi limodzi pa sabata, pafupifupi makilomita 12 pa tsiku. Chaka chatha ndinkalemera makilogalamu 54, koma amene amatiphunzitsa anati kuti ndizikwera mapiri mopepuka ndisiye nsima ya madzulo, ndipo tsopano ndili pa makilogalamu 50.

Ndimadzuka m'bandakucha n'kuthamanga m'mimba muli zii. Cha m'ma 8 koloko ndimamwa tiyi ndi buledi zidutswa ziwiri, masana ndimadya nsima mitanda iwiri ya ndiwo zamasamba ndi nyemba kapena usipa, ndipo madzulo ndimangodya mbatata imodzi kapena zipatso. Miyezi iwiri yoyambirira liwiro linakweradi. Panopa makilomita 10 amene ndinkamaliza m'mphindi 44 akunditengera 47, ndimamva kuzizira m'manja ndi m'mapazi ngakhale mu Okutobala, ndimadzidzimuka pakati pa usiku tulo osabweranso, ndipo chimfine chandigwira katatu. Chondidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti papita miyezi isanu ndisanasambe. Ndayezetsa mimba kawiri ndipo palibe, komanso sindili pa njira iliyonse yolera. Sabata ziwiri zapitazi msongolo wakumanja wayamba kupweteka pamalo amodzi. Aphunzitsi akuti kusiya kusamba ndi chizindikiro chakuti thupi lakhwima pa masewera. Kodi ndi zoona?

Mayi wa ana atatu, Area 25

Mwana wanga, kumeneko ndi kuchepa kwa magazi basi. Kuzizidwa ndi kutopa ndinazionapo ndili woyembekezera. Pitani akakupatseni mapiritsi a magazi, muzidyanso chiwindi ndi bonongwe, ndipo tiyi musamamwe pamodzi ndi chakudya chifukwa amatchinga ayironi kulowa m'thupi.

Mlangizi wa zakudya za ochita masewera

Amayi anena zoona pa za tiyi, ndipo kuyezetsa magazi n'kofunika chifukwa ayironi amachepadi kawirikawiri mwa othamanga amene sakudya mokwanira. Koma mapiritsi amenewo sadzabweza msambo. Zimene mwafotokozazi, achemwali, zikuloza ku vuto limodzi, lakuti chakudya chimene chikutsalira thupi masewera atatengapo gawo lake n'chochepa kwambiri. Komiti ya Olimpiki ya dziko lonse lapansi inalipatsa vutoli dzina lakuti RED-S mu 2014, ndipo mukhoza kufufuza ndi dzina limenelo.

Tiyeni tiwerengere limodzi, ngakhale kuti manambala anga ndi ongoyerekeza poti sindinakuyezeni. Chakudya chimene mwatchulacho chikhoza kukhala makalori pafupifupi 1,700 pa tsiku, kalori pokhala muyeso wa mphamvu imene chakudya chimapatsa thupi. Munthu akamathamanga amawotcha pafupifupi kalori imodzi pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa kilomita iliyonse, choncho inu wa makilogalamu 50 mukathamanga makilomita 12 mwawotcha 600, ndipo thupi latsala ndi 1,100. Chotsalacho timachigawa ndi kulemera kwa thupi titachotsapo mafuta, kumene kwa inu tinene kuti ndi makilogalamu 42, ndipo yankho lake ndi 26. Munthu wodya mokwanira amakhala cha pa 45, pamene kafukufuku wa pa amayi anaonetsa kuti nambalayi ikatsika kufika pansi pa 30, mahomoni oyendetsa msambo amayamba kusokonekera m'masiku owerengeka okha. Malire a 30 amenewa si mpanda weniweni, ena amavutika asanafikepo, koma inu muli pansi pake.

Thupi likaona kuti chakudya chachepa limachita ngati banja m'mwezi wa Febuluwale, limasiya kaye zonse zimene zingadikire. Limachepetsa kutentha kwake, n'chifukwa chake mukuzizidwa mu Okutobala. Limaimitsa za ubereki, ndipo pamenepa m'pamene pali ngozi yaikulu, chifukwa homoni ya esitirojeni imene imatsika msambo ukasiya ndi yomweyo imene imateteza mafupa. Ndiye mawu a aphunzitsi anu aja si oona. Kusasamba miyezi itatu yotsatizana mwa munthu amene ankasamba bwino ndi chifukwa chokwanira chopitira ku chipatala, kuti akaonenso ngati palibe vuto lina monga la chithokomiro.

Za msongolozo ndifunse: mukakanikiza ndi chala chimodzi, kodi ululu uli pa kadontho kamodzi pa fupa penipeni, kapena ukuyenda mtunda wautali m'mbali mwake? Nanga mukadumphadumpha ndi mwendo umenewo wokha mukumva bwanji?

Membala wobisa dzina

Zikomo kwambiri. Ululu uli pamalo amodzi, oti chala chimodzi chimaphimba, ndipo kudumpha ndi mwendo umenewo ndalephera. Koma ndikuopa kuti ndikawonjezera chakudya ndinenepa, ndiye ntchito yonse ya chaka chino ipita pachabe.

Mlangizi wa zakudya za ochita masewera

Ngati zili choncho, siyani kuthamanga kuyambira lero mpaka adokotala akuoneni, pakuti ululu wa pamalo amodzi woterowo nthawi zambiri umasonyeza kuti fupa layamba mng'alu chifukwa cholemedwa mobwerezabwereza. Dziwaninso kuti ekisireyi yoyamba imatha kutuluka yabwinobwino m'sabata zoyambirira mng'alu ulipo, choncho isakupusitseni kubwerera mumsewu ululu usanathe.

Pa chakudya, kuti mufike pa 45 paja muli pa masewera anu onse, mufunika makalori pafupifupi 2,500, ndiye mukuperewera ndi 800. Musawonjezere zonsezo tsiku limodzi chifukwa m'mimba mwazolowera zochepa ndipo mudzatupidwa. Yambani ndi 300 mpaka 400 sabata yoyamba. Njira yosavuta ndi kusintha tiyi wa m'mawa uja kukhala phala la mgaiwa kapena la soya lothira nsinjiro masupuni awiri akulu ndi kapu ya mkaka, ndipo mukadzayambanso masewera lidyedwe pasanathe ola mutamaliza, osati kudikira mpaka 8 koloko. Musanatuluke m'bandakucha idyani nthochi imodzi kapena imwani kapu ya thobwa. Sabata yachiwiri bwezerani nsima ya madzulo ndi ndiwo zake zenizeni. Pakati pa zakudya, mtedza wodzaza dzanja limodzi umapereka makalori pafupifupi 170, ndipo theka la peyala limaperekanso pafupifupi chimodzimodzi, kotero simufunika zakudya za m'sitolo zodula.

Ndikutsindika za nsima, phala, mbatata ndi mpunga chifukwa ambiri akamva kuti awonjezere chakudya amathamangira mazira ndi nyama zokha, pamene minofu ya wothamanga mtunda wautali imadalira kwambiri zakudya zokhutitsazi. Pa mafupa, kapu ya mkaka kapena chambiko ili ndi kashiamu pafupifupi mamiligalamu 300, ndipo munthu wa vuto lanu amafunika kupitirira 1,000 pa tsiku. Usipa ndi matemba mukamadya ndi minga yomwe zimathandiza kwambiri pamenepa.

Kunenepako ndisakunamizeni, sikelo idzakwera, mwina kubwerera cha pa 53 kapena 54 pomwe munkasamba bwino. Kilogalamu yoyamba idzabwera msanga ndipo yambiri mwa iyo ndi madzi amene minofu imasunga pamodzi ndi chakudya chake, osati mafuta. Kufunda m'thupi ndi tulo zimabwerera m'sabata zochepa, msambo umatenga miyezi ingapo ndipo kwa ena umapitirira chaka, pamene mafupa ndiwo amachedwa kwambiri.

Mphunzitsi wa masewera wopuma ntchito

Za fupazo ndagwirizana nazo, mwanayu apume. Koma tisamunyoze mphunzitsi mnzanga ngati kuti palibe chimene akudziwa. Kukwera phiri ndi makilogalamu anayi owonjezera n'chimodzimodzi kusenza katundu, ndipo mwini wake wavomereza kuti liwiro linakwera atachepetsa thupi. Taonani othamanga a ku Kenya mmene alili owonda. Ine ndikuona kuti cholakwika chinali kupitiriza kwa nthawi yaitali, m'malo mochepetsa pang'ono mpikisano ukayandikira.

Mlangizi wa zakudya za ochita masewera

Bambo, kukwera kwa liwiro m'miyezi yoyamba ndiye msampha wake, chifukwa thupi limapepuka msanga pamene kuwonongeka kumaonekera mochedwa. A ku Kenyawo ndi owondadi, koma chakudya chawo chachikulu ndi ugali, imene ndi nsima yomweyi, pamodzi ndi tiyi wa mkaka ndi shuga kangapo pa tsiku, ndipo nawonso vutoli limapezeka pakati pawo. Kuchepetsa thupi kwa kanthawi kochepa moyang'aniridwa kumachitikadi, koma osati kwa munthu amene msambo wake waima.

Wopalasa njinga wa ku Dedza

Ine ndine mwamuna koma nkhaniyi yandikhudza. Chaka china ndinkapalasa maola atatu kapena anayi ndi madzi okha m'botolo, kenaka n'kupita ku ntchito. Ndinayamba kupsa mtima pa zinthu zazing'ono, chilakolako cha m'banja chinatheratu, ndipo kugunda kwa mtima ndikadzuka kunatsika mpaka 42 pa mphindi, ine n'kumanyadira kuti ndalimba. Zinasintha nditayamba kunyamula nthochi ndi mbatata yophika n'kumadya ola lililonse ndili pa njinga. Amuna tilibe msambo wotichenjeza, ndiye timazindikira mochedwa.

Wosewera mpira wa manja

Funso langa ndi lakuti ine ndili pa jakisoni wolera wa miyezi itatu ndipo sindisamba kuyambira kale chifukwa cha jakisoniyo. Nanga ine ndingadziwe bwanji ngati chakudya chikundiperewera?

Mlangizi wa zakudya za ochita masewera

Kwa inu msambo sungakuuzeni kanthu, ndipo n'chimodzimodzi kwa amene ali pa mapiritsi olera, chifukwa magazi amene amaona mwezi ndi mwezi amabwera ndi mapiritsiwo ngakhale thupi lili pa njala. Yang'anirani zina zija, kuzizidwa, tulo tosagwira, kudwaladwala, zilonda zochedwa kupola ndi kutsika kwa mphamvu pa bwalo pamene mukulimbikira ngati kale. Jakisoni ameneyo payekha amachepetsako kulimba kwa mafupa nthawi imene munthu akumubayitsa, choncho ngati mumasewera kwambiri kambiranani ndi anamwino a za kulera, musangosiya nokha.

Membala wobisa dzina

Ndabwerera patatha sabata zitatu kuti ndikudziwitseni. Ku chipatala ekisireyi sinaonetse kanthu, koma adokotala atakanikiza pa fupapo anandiletsa kuthamanga kwa sabata zisanu ndi imodzi, ndipo magazi anapezekadi otsikirapo, ndiye amayi a ku Area 25 aja sanaphonye kwenikweni. Phala la nsinjiro ndi nsima ya madzulo ndabwezera, ndili pa makilogalamu 51 ndipo ndikugona mpaka kucha. Msambo sunabwerebe. Aphunzitsi akuti mwendo ukangopola ndiyambirenso makilomita anga onse kuti ndisaphonye mpikisano, pamene adokotala akuti ndiyambe ndi theka mpaka nditasamba. Amene munadutsamo, kodi munadikira msambo kaye kapena munayamba kuwonjezera mtunda usanabwere?