Ndalama za penshoni zatuluka pa pepala: ndizitenge zonse kapena ndisiyeko?

Bambo a Chikondi:
Abale anga a pa gulu lino, ndithandizeni nzeru. Kumapeto kwa mwezi wamawa ndikupuma pa ntchito ku fakitale ina ku Germiston kuno ku Joni. Pepala la pulovidenti fandi likuonetsa R900,000. Ku ofesi andiuza kuti nditha kutenga zonse kamodzi chifukwa pa 1 Malichi 2021 ndinali nditakwanitsa kale zaka 55 ndipo sindinasinthe fandi. Kumudzi ku Ntcheu nyumba inaima pa lintala, ikufuna malata ndi pulasitala. Mwana womaliza watsala ndi zaka ziwiri ku koleji, ndipo ndili ndi ngongole ya R35,000. Mlamu wanga akuti tigule minibasi iziyenda Lilongwe-Dedza. Mayi a kunyumba akukana, akuti tisiye ndalama kuno tizidya pang'onopang'ono. Fomu ndiyenera kubweza pasanathe milungu itatu. Mukanakhala inu mukanatani?

Achimwene a ku Mayfair:
Tengani zonse bambo. Ndalama ya penshoni sadula msonkho. Ikani ku fikisidi muzidya chiwongoladzanja, nkhani yatha.

Mayi wa malipiro:
Achimwene, mwalondola theka. Ine ndimagwira ntchito yokonza malipiro a antchito, mafomu amenewa amadutsa pa tebulo langa. Yosadulidwa msonkho ndi R550,000 yoyamba yokha. Kuchokera pamenepo kufika R770,000 SARS, nthambi ya boma yotolera msonkho, imatenga 18 peresenti, yomwe ndi R39,600. Kupitirira apo kufika R1,155,000 imatenga 27 peresenti. Ndiye pa R900,000, R130,000 yapamwambayo ikudulidwa R35,100. Zonse pamodzi R74,700 yapita musanaigwire n'komwe. Koma Bambo a Chikondi ndikufunseni kaye: munatengapo ndalama ku fandi ina m'mbuyomu posintha ntchito?

Bambo a Chikondi:
Eya mayi. Mu 2012 kampani yoyamba nditaisiya ndinalandira pafupifupi R80,000. Koma ijatu inadulidwa kale msonkho nthawi imeneyo.

Mayi wa malipiro:
Inadulidwa inde, koma SARS siiwala. R550,000 ija ndi ya moyo wanu wonse, si ya ntchito iliyonse payokha. Fandi ikakapempha chilolezo cha msonkho, iwo adzaphatikiza R80,000 ija ndi ya lero, n'kuwerengera ngati R980,000. Msonkho wake ukukwera kufika R96,300. M'manja mwanu mudzatsala R803,700.

Tsono taonani njira ina. Malo anu osadulidwa msonkho atsala R470,000. Mutatenga R400,000 yokha, simulipira ngakhale senti. Ngongole ya R35,000 ithe tsiku lomwelo, chifukwa palibe banki imene ingakupatseni chiwongoladzanja choposa chimene ngongoleyo ikukudyani. Fizi ya zaka ziwiri muiike padera pa akaunti yakeyake, musaisakanize ndi ya ndiwo. Nyumba imalizike. Yotsala ikhale ya matenda ndi maliro. R500,000 inayo ipite ku penshoni ya mwezi ndi mwezi, ndipo posamutsapo sadula msonkho.

Pa fomu muona mitundu iwiri. Pamene palembedwa `life annuity`, mumapereka ndalama yonse ku kampani ya inshuwalansi, iwo n'kumakulipirani mpaka tsiku lomwalira, kaya mukhala zaka 95. Koma simungabwererenso kukaitenga, ndipo mukapanda kusankha kuti mayi azilandirabe inu mutapita, imathera pa inu. Pamene palembedwa `living annuity`, ndalama imakhalabe yanu, mumasankha kutapa pakati pa 2.5 ndi 17.5 peresenti pa chaka, yotsala ana adzaipeza. Vuto lake ndi dzanja. Mukamatapa 5 peresenti pa R500,000, ndi R2,080 pa mwezi basi. Ambiri akaona kuchepa kwake amathamangira 17.5, yomwe ndi pafupifupi R7,300 pa mwezi. Chaka choyamba zimakoma. Zikadutsa zaka zingapo mphika wachepa, ndipo peresenti yomweyo ikubala ndalama yochepa chaka ndi chaka.

Bambo a Chikondi:
R2,080? Mayi, lendi ya chipinda changa ku Rosettenville ikuposa pamenepo.

Mayi wa malipiro:
N'zoona, pa Joni pano siingakusungeni. N'chifukwa chake nyumba ya ku Ntcheu ndaiika patsogolo. Kopanda lendi, chimanga cholima nokha, ndalama imeneyo imaoneka.

Nachisale:
Inenso ndinatenga ya thupoti, ija amalola kutapako usanapume pa ntchito, chaka chatha, anandidula kwambiri moti ndinalira. Bambo musatenge, dikirani chaka chamawa mwina malamulo asintha.

Mayi wa malipiro:
Asisi, yanuyo ndi ina. Munatapa mu kathumba kosungira mukadali pa ntchito, ndipo imeneyo amaidula ngati malipiro a mwezi. Awa akupuma, mawerengedwe ake ndi ena.

Mjomba wa ku Mangochi:
Za minibasi ndiyankhepo ine, chifukwa zinandionekera. Ndinagula ndili kuno, woyendetsa ali kumudzi. Miyezi yoyamba ndalama inkabwera. Kenako foni iliyonse inali ya giyabokosi, matayala, apolisi a pamsewu, mafuta asowa. Pamapeto ndinkatumiza ndalama ine kuti galimoto iyende. Ngati simudzakhala pa siteji nokha kuwerenga ndalama madzulo aliwonse, isiyeni.

China, musasinthe ndalama zonse kukhala makwacha. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Amene anatumiza zonse n'kuziika ku banki kumudzi anadzuka m'mawa simenti itawathawa. Tumizani ya malata pamene mmisiri wafika pa denga, ya pulasitala pamene wafika pa pulasitala. Ndipo malisiti muziwaona.

Achimwene a ku Mayfair:
Chabwino za msonkho ndamva. Koma ine kupereka R500,000 kwa kampani ndiye n'kulephera kuitenga mwana atadwala, ayi. Ku banki bola, umaiona pa foni.

Mayi wa malipiro:
Nkhawa yanuyo ndi yomveka, n'chifukwa chake ya ngozi iyenera kukhala panja. Koma dziwani kuti banki itagwa, chitetezo cha CODI, inshuwalansi ya ndalama zosungitsa ku banki, chimafika R100,000 yokha pa munthu mmodzi pa banki imodzi. Ndiye yotsala pa R400,000 ija ndi bwino kuigawa m'mabanki awiri kapena atatu. Kulinso RSA Retail Savings Bonds za boma, za zaka ziwiri, zitatu kapena zisanu, zoyambira R1,000, ndipo wa zaka 60 kupita m'mwamba atha kumalandira chiwongoladzanja mwezi uliwonse. Kungoti zimafuna nambala ya chitupa cha dziko lino. Bambo, muli ndi mapepala anji?

Woyang'anira gulu:
Ndachotsa uthenga wa munthu amene amalonjeza 20 peresenti pa mwezi. Bambo a Chikondi, mwatchula ndalama pa gulu la anthu masauzande, ndiye akubwererani ku inibokosi, ena akuyankhula Chichewa chokoma ndi mavesi omwe. Aliyense wofuna kukusungirani ndalama akupatseni nambala yake ya FSP, ya chilolezo chogwira ntchito za ndalama, mukaione pa tsamba la FSCA, bungwe loyang'anira makampani a zandalama, dzina ligwirizane. Akakana kapena akakufulumizitsani, tsekani.

Bambo a Chikondi:
Afika kale atatu. Mapepala anga ndi a ntchito, si okhazikika, ndiye za boma zija zandidutsa. Chikundivuta tsopano n'chakuti: ntchito ikatha pepala lithanso. Akaunti yanga ya banki idzakhalabe yotsegula? Ndipo penshoni ya mwezi ndi mwezi angamanditumizire ku Malawi?

Mayi wa malipiro:
Apo musasaine kanthu musanayankhidwe molemba. Funsani kampaniyo ngati imalipira ku akaunti ya kunja, pamadulidwa zingati ulendo uliwonse, ndiponso umboni woti muli moyo muzidzautumiza bwanji muli ku Ntcheu. Ku banki funsani ngati angasinthe akaunti yanu kukhala ya munthu wokhala kunja musananyamuke. Mayankho akakhala oipa, mwina kulipira msonkho wina n'kutengako zambiri kungakhale kwanzeru kuposa mmene ndanenera.

Mjomba wa ku Mangochi:
Alipo pa gulu pano amene akulandira penshoni ya kuno ali kumudzi? Atiuze zimayenda bwanji, inenso zikundidikira zaka zinayi zikubwerazi.