Dzimbiri mu mpope wa mfuti, ndiyambire pati?

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi mfuti ya machaka yomwe ndimasunga ku famu ku Chongwe, chiphaso chilipo. Nditaombera mu Novembala sindinaitsuke, ndinangoiika m'chikwama cha nsalu, mvula yonseyi ili momwemo.

Dzulo ndinachotsa zipolopolo, ndinatsegula, n'kusuzumira mu mpope poyang'anitsa ku dzuwa. Ndaona timadontho tofiirira pafupi ndi polowera chipolopolo, ndipo kansalu kamene ndinapititsamo kanatuluka kakuda bii. Mtima wandipweteka, ndi mfuti ya malemu bambo.

Kodi burashi ya mkuwa ndi mafuta a mfuti zingachotse zimenezi, kapena chitsulo chadyeka kale, ndipite nayo kwa mmisiri kuno ku Lusaka? Mnzanga akuti ndithire mafuta ambiri, koma ndikudziwa kuti ochuluka amagwira fumbi. Nanga inu, mfuti ikangokhala osaombedwa nyengo ya mvula, mumaipukuta kangati?