Payi tchati ya ana anga ikufika madigiri 540, thandizeni

Wa Masamu Fomu 2: Aphunzitsi anzanga thandizeni msanga, pulojekiti ikufunika Lachisanu. Ana anafunsa anzawo 60 kuti kwanu mumaphikira chiyani. Matale atuluka chonchi: nkhuni 42, makala 30, magetsi 12, gasi 6. Tagawa ndi 60 n'kuchulukitsa ndi 360, tapeza 252, 180, 72 ndi 36. Kuphatikiza 540! Maperesenti nawo akufika 150. Koma ndikaponya manambala omwewa mu Excel payi ikutuluka bwinobwino, nkhuni 47%. Wolondola ndani apa?

Madamu a Jogalafe: Ndi kulaunda kumeneko aphunzitsi. Anga chaka chatha ankapeza 361, ena 359, chifukwa aliyense ankadula madesimo mmene wafunira. Auzeni asalaunde mpaka kumapeto.

Mkulu Wopuma: Madamu, kulaunda kungasokoneze digiri imodzi kapena ziwiri, osati 180. Achimwene, phatikizani mafirikwense anuwo: 42, 30, 12 ndi 6 ndi 90, pomwe ofunsidwa ndi 60. Ndiye kuti ena anachonga mayankho awiri, ndipo sanalakwe, nyumba zambiri zimaphikira makala ndi nkhuni zomwe. Payi tchati imafuna kuti munthu aliyense akhale m'chigawo chimodzi chokha. Funso lanulo silikulola zimenezo.

Wa ku Sekondale Yoyendera: Nkhani yaing'ono iyi. Gawani ndi 90 basi. Nkhuni 168, makala 120, magetsi 48, gasi 24, pamodzi 360 ndendende. Ana atenge kampasi ndi pulotakita ajambule, mukagone.

Wa Masamu Fomu 2: Eya, ndiye zomwe yachita Excel zija. Ndingotenga zimenezo?

Mkulu Wopuma: Bwalo litsekeka ndithu, koma taganizani chiganizo chomwe mwana alembe pansi pake. Alemba kuti nyumba 47 pa 100 zilizonse zimaphikira nkhuni. Limenelo ndi bodza. Mwa ana 60, okwana 42 anati nkhuni, ndiye ndi 70 peresenti. 47 ija ndi gawo la mayankho onse 90, si gawo la anthu. Makala nawo aoneka ngati 33 peresenti pomwe theka lenileni la ofunsidwa linawatchula. Ine ndikanapanga tebulo la madanga atatu: chophikira, firikwense, ndi peresenti ya ofunsidwa 60, pansi n'kulemba kuti munthu ankaloledwa kusankha zingapo. Chojambula chikhale ba gilafu, chifukwa mizati yake sikakamizidwa kukwana 100.

Wa ku Sekondale Yoyendera: Akulu, mutu womwe akuphunzitsa ndi payi tchati, si ba gilafu. Wochonga amayang'ana ngati madigiri akwana 360. Gawani ndi 90.

Wa Kompyuta: Musanakangane za madigiri, mwatsimikiza kuti 90 yo ndi yoona? Kwathu kuno ana analowetsa mayankho awiri m'kabokosi kamodzi, "nkhuni, makala", ndiye fomula yowerengera ya mu Excel, COUNTIF, inkangowadumpha onsewo. Ina inali sipesi yotsalira kumapeto kwa liwu, maso saiona koma fomula imakana. Yesani iyi:

```
=COUNTIF(B2:B61,"*makala*")
```

Tinyenyezito timagwira liwulo paliponse pomwe lili m'kabokosimo. Koma wina akalemba m'Chingerezi kapena kulakwitsa sipelo, sigwira, muwerengebe ndi maso.

Madamu a Jogalafe: Zoona. Ndiponso samalani ndi ana a nyumba imodzi. Ife tinafunsa za madzi akumwa, kenako n'kupeza kuti atatu ndi apachibale, mjigo umodzi womwewo tauwerenga katatu. Musalembe "nyumba", lembani "ophunzira omwe anafunsidwa". Ndipo asayerekeze kunena kuti ndi mmene zilili m'boma lonse, afunsa pasukulu imodzi yokha.

Mkulu Wopuma: Ngati payi ikufunikadi, njira ilipo koma ndi ya thukuta. Bwererani ku mapepala 60 aja, pepala lililonse liikidwe pamulu umodzi wokha: nkhuni zokha, makala okha, nkhuni ndi makala, magetsi ndi makala, choncho. Milu yonse ikwane 60, pepala limodzi ndi madigiri 6. Vuto lake milu ikapitirira isanu ndi umodzi, tizigawo timachepa, pulotakita ya mwana siyeza bwino. Tating'onoto muphatikize kukhala "zina". Apo ayi, afunsenso kuti "kawirikawiri mumaphikira chiyani", yankho limodzi lokha.

Wa ku Sekondale Yoyendera: Mapepala 60 kusankhulanso, Lachisanu lili pakhomo? Alembe pamutu pa tchati kuti "mwa mayankho 90", agawe ndi 90, nkhani yatha.

Mkulu Wopuma: Mutu umenewo ukalembedwa sindikana kuti masamu ali bwino. Koma funso la pulojekiti linali la mayankho kapena la anthu?

Wa Kompyuta: Aphunzitsi, mapepalawo mukadali nawo, kapena ana anapita nawo kwawo?

Madamu a Jogalafe: Paja alipo amene ali ndi pulotakita yaikulu ya pabolodi yoti andibwereke sabata yamawa? Yathu inathyoka.