Kaundula wa kalasi mu Excel: chiwerengero chikukana

Mphunzitsi wa Sitandade 6: Anzanga thandizeni. Ahedi akufuna kaundula wa mwezi watha pa kompyuta. Ana ndi 86, masiku a sukulu 20. Mayina ndaika mu A, mnyamata kapena mtsikana mu B, masiku kuyambira C mpaka V. Koma ndikalemba / ngati m'buku, sichikulowa.

Achiwiri kwa ahedi: Musavutike nacho aphunzitsi. Excel ya pa kompyuta imatenga / ngati batani lotsegulira menyu. Lembani P kwa amene wabwera, A kwa wojomba. Mu W2 ikani ichi, mukokere pansi mpaka mzere 87:

```
=COUNTIF(C2:V2,"P")
```

Obwera tsiku lililonse muwawerenge mu C88, mukokere kumanja:

```
=COUNTIF(C2:C87,"P")
```

Mayi a Sitandade 4: Ine ndimangolemba 1 ndi 0, kenako SUM, basi. Wojomba nthawi zina ndimangosiya osalemba kanthu.

Achiwiri kwa ahedi: 1 ndi 0 zimagwira mayi, koma kusiya malo a wojomba opanda kanthu kudzakupwetekani. Nanga mwana wobwera pa transifa mwezi uli pakati mumusiyanitsa bwanji?

Mphunzitsi wa Sitandade 6: Ndili naye ameneyo! Mtsikana anayamba tsiku lachisanu ndi chinayi, wabwera masiku 11.

Achiwiri kwa ahedi: Eya. Mukagawa ndi 20 aoneka ngati wojombajomba, pamene pa masiku 12 amene wakhala m'kaundula wajomba kamodzi kokha. Masiku 8 oyambawo musalembemo kanthu, ndipo mu X2 muike =COUNTA(C2:V2), mukokere pansi, kuti mwana aliyense akhale ndi masiku akeake ogawira.

Mphunzitsi wa masamu: Kodi mukunena zojambula bukulo ndi foni kuti lisanduke tebulo lokha? Ndinayesapo, dzina lililonse linatuluka lopindika.

Mayi a Sitandade 4: Ayi bambo, akulemba okha pamanja. Ndi zolemba zanu zija ngakhale munthu amalephera.

Mphunzitsi wa Sitandade 6: Zatheka, koma mzere 14 ukupereka 17. Ndawerenga ndi chala kawiri, ma P alipo 18.

Achiwiri kwa ahedi: Mzere umenewo munalemba pafoni? Kawirikawiri foni imawonjezera kampata pambuyo pa chilembo. Maso sakaona, koma COUNTIF imaikana P yoteroyo. Pamalo opanda kanthu yesani =LEN(C14), mukokere kumanja mabokosi 20. Pamene patuluke 2 m'malo mwa 1, wolakwa ndi ameneyo.

Mphunzitsi wa Sitandade 6: Wapezeka, H14. Tsopano 18. Nanga ochedwa? M'buku mwanga ndimawaika L, ndipo sakuwerengedwa.

Achiwiri kwa ahedi: Ngati mukuwatenga ngati abwera, wonjezerani +COUNTIF(C2:V2,"L") kumapeto kwa zimene mwaika mu W2, mukokerenso pansi.

Mayi a Sitandade 4: Wofika nthawi ya phala, kudya n'kubwerera kwawo, nayenso wabwera? Kwathu timamuika A.

Achiwiri kwa ahedi: Pamenepo si pa Excel ayi. Funsani ahedi anu musanatumize.